Momwe ndimasinthira nthawi ndi malo a msonkhano popanda kuitananso anthu kachiwiri

Ndikafuna kuti msonkhano uzisintha wokha pa makalendala a anthu amene ndawaitana, ntchito imayambira pa tsiku loitana lenilenilo. Ndimaulemba pa kalendala yanga, nthawi m'malo mwake, chipinda m'bokosi la malo, kenako ndimaika ma adiresi a imelo a oitanidwawo m'bokosi la alendo, limene mu Google Calendar limalembedwa kuti "Add guests". Sindiwatumizira fayilo ya .ics, yonyamula tsatanetsatane wa msonkhano, kuti aliyense aitsitse ndi kuilowetsa yekha pa kalendala yake, chifukwa fayilo yolowetsedwa chotero nthawi zambiri imangokhala kope lopanda chingwe cholilumikiza kwa ine, moti ndikadzasintha kwanga, kwawo kumatsalabe zakale.

Msonkhano wina wa Lachinayi unali wa 10 koloko m'mawa m'chipinda chachiwiri, koma chipindacho chitapatsidwa gulu lina tinausunthira 2 koloko masana m'chipinda chachisanu. Ndinatsegula msonkhano womwewo, osaufufuta kapena kulemba wina, n'kusintha nthawi ndi malo pakamodzi kuti anthu alandire uthenga umodzi wokha. Nditadina "Save", pulogalamuyo inandifunsa ngati ndikufuna kudziwitsa oitanidwa, ndipo ndinasankha "Send". Mu Outlook batani lake ndi "Send Update".

Funso limeneli silodutsa mothamanga. Anthu amene ali pa Google Calendar monga ine amaona kusinthako ngakhale nditakana kutumiza, popeza makalendala athu onse ali pamalo amodzi, koma amene amagwiritsa ntchito kalendala ya kampani ina alibe njira yodziwira kupatula imeloyo. Kwa iwo imelo si chidziwitso chabe, ndiyo imanyamula kusinthako. Woitana amene wasankha "Don't send" pofuna kusavutitsa anzake amagawa gulu pawiri, ena n'kufika m'mawa, ena masana.

Chimene chimachitika mkati chimaoneka mukatsegula kafayilo ka .ics kamene kamabwera ndi imeloyo, kolembedwa motsatira malamulo a iCalendar, amene anasindikizidwa monga RFC 5545 mu 2009. Uthenga wachiwiri unali ndi mizere iyi pakati pa ina yambiri, ngakhale UID ndaifupikitsa:

```
METHOD:REQUEST
UID:7f3a91c2@example.com
SEQUENCE:1
LOCATION:Chipinda 5
```

UID ndi nambala yozindikirira msonkhanowo, ndipo sisintha kuyambira tsiku loyamba. Kalendala ya wolandira ikaona UID imene ili nayo kale, imadziwa kuti uwu si msonkhano watsopano, kenako imayang'ana SEQUENCE, imene imayambira pa 0 ndi kukwera pamene woitana wasintha chinthu chachikulu monga nthawi. Uthenga wa nambala yokulirapo umalowa m'malo mwa wakale, pamene wa nambala yocheperapo umanyalanyazidwa ngakhale utafika pambuyo. Kusintha malo okha sikuti nthawi zonse kumakweza nambalayi. Zikatero, kalendala imayerekezera mzere wa DTSTAMP, wosonyeza pamene uthengawo unapangidwa, n'kutenga waposachedwa.

Apa m'pamene pamaonekera vuto la kufufuta ndi kulembanso. Msonkhano watsopano umalandira UID yatsopano, choncho ngati uthenga wothetsa woyambawo sunatumizidwe, munthu amapezeka ndi misonkhano iwiri Lachinayi lomwelo. Wina akandiuza kuti akuona iwiri, ndimatsegula mafayilo onse awiri ndi pulogalamu yolembera mawu wamba n'kuyerekezera ma UID. Akasiyana, chifukwa chapezeka. Akandiuza kuti akuonabe nthawi yakale, ndimayamba ndaona ngati dzina lake lilidi pa mndandanda wa oitanidwa, pakuti amene anangopatsiridwa imelo ndi mnzake kawirikawiri sakhalapo, ndipo uthenga wosintha umapita kwa olembedwa okha. Ndimaonanso ngati mzere wa METHOD ukunena PUBLISH m'malo mwa REQUEST, chifukwa PUBLISH ndi chilengezo chabe chosayembekezera yankho la munthu.

Nditasuntha nthawiyo, mayankho amene anthu anapereka kale anabwerera pa kudikira, ndipo ndikuona kuti n'zoyenera, popeza amene anavomera 10 koloko sanavomere 2 koloko. Mayankho atsopanowo ndiwo anali umboni wanga woti kusinthako kwafika. Kwa amene sanayankhe pofika Lachitatu madzulo ndinalemba uthenga wamba wowapempha kuti atsegule kalendala yawo ndi kundiuza ola ndi chipinda chimene akuona, ndipo mmodzi anapeza imelo yosinthayo ili m'bokosi la mauthenga okayikitsa, kumene kalendala yake sinaiwerenge n'komwe.