Sabata yokonza yankho la nthambi zitatu za boma

Lolemba ndinachonga mayeso a Fomu 2, ndipo funso limene linagwetsa ana ambiri linali loti afotokoze kugawana mphamvu pakati pa nthambi zitatu za boma. Pafupifupi aliyense anatchula nthambizo bwinobwino: yoyendetsa boma, Nyumba ya Malamulo, ndi makhoti. Atatchula, basi anathera pomwepo. Ena anawonjezera kuti nthambizi zili ngati mafuwa atatu, limodzi likachoka mphika umagwa. Fanizoli analitenga ku pulayimale ndipo ndi lokoma, koma limabisa chinthu chachikulu. Mafuwa saletsana, pamene nthambi za boma zinapangidwa dala kuti ina izitha kuuza inzake kuti apa wadutsa malire. Mwana amene sanalembe zoletsanazi watchula chabe, sanafotokoze.

Zolakwa zinali zofanana m'mapepala ambiri. Apolisi anawaika m'gulu la makhoti, poti amamanga akuba. Ntchito ya phungu anati ndi kumanga milatho ndi kugula mabokosi a maliro, zomwe sindiwadzudzula nazo kwambiri chifukwa ndi zimene amaona kumudzi. Ndipo ambiri analemba kuti Pulezidenti ndi amene amapanga malamulo.

Lachiwiri ndinakhala mu sitafu rumu ndi buku la malamulo aakulu a dziko lino, aja a 1994. Ndime 7, 8 ndi 9 zimapatsa nthambi iliyonse ntchito yake, ndipo ndime 5 imati lamulo kapena chochita chilichonse cha boma chosemphana ndi malamulo aakuluwa chilibe mphamvu. Ana amalemba mayeso m'Chingerezi, koma ine ndimayamba kumanga yankho m'Chichewa kuti mfundo ilowe kaye m'mutu. Limene ndinalemba pa bolodi Lachitatu ndi ili:

"Kugawana mphamvu ndi dongosolo loti ntchito za boma zigawidwe ku nthambi zitatu, kuti munthu mmodzi kapena gulu limodzi lisakhale ndi mphamvu zonse. Nyumba ya Malamulo, momwe muli aphungu osankhidwa ndi anthu, imapanga malamulo ndi kuvomereza bajeti. Nthambi yoyendetsa boma, yomwe ndi Pulezidenti, wachiwiri wake ndi nduna, imakonza mfundo za boma ndi kuonetsetsa kuti malamulo akutsatidwa, kudzera mwa apolisi ndi ogwira ntchito m'boma. Makhoti amatanthauzira malamulo ndi kuweruza milandu mosalamulidwa ndi wina aliyense. Nthambizi zimawunikana. Bilu imene aphungu avomereza imafunika saini ya Pulezidenti kuti ikhale lamulo. Boma limagwiritsa ntchito ndalama zimene aphungu avomereza. Pulezidenti amasankha Jaji Wamkulu, koma aphungu ayenera kumuvomereza. Khoti likhoza kuthetsa lamulo kapena chiganizo cha boma ngati chikusemphana ndi malamulo aakulu. Izi zimateteza ufulu wa anthu ndi kuletsa ulamuliro wankhanza."

Pa malikisi 10 amene ndinaika pa funsoli, tanthauzo ndinalipatsa 2, ntchito za nthambi 3, kuwunikana 4, ndipo cholinga 1. Ana anadandaula kuti gawo lovuta ndi limene lalemera. Inde, n'chifukwa chake ndinatero.

Mtsikana wina wokhala kutsogolo anakweza dzanja. "Aphunzitsi, ngati bilu imadikira saini ya a Pulezidenti, ndiye kuti iwowo akakana zatha. Si ndiye kuti opanga lamulo ndi iwo?" Funso limeneli linadya piriyodi yonse, ndipo sindinadandaule. Tinayenda ndi bilu imodzi kuyambira poyamba. Nduna imabweretsa bilu m'Nyumba, aphungu amakambirana, amasintha zina, kenaka amavota. Ikadutsa imapita kwa Pulezidenti, amene ali ndi masiku 21 oti asaine kapena akane. Akakana, sangoiika m'dirowa. Amaibweza kwa Sipikala pamodzi ndi zifukwa zake. Aphungu amadikira masiku 21 asanaikambiranenso, ndipo akaivomerezanso mkati mwa miyezi itatu, Pulezidenti ayenera kusaina. Zili mu ndime 73. Choncho Pulezidenti akhoza kuchedwetsa bilu ndi kukakamiza aphungu kuti aiganizirenso, koma mawu omaliza pa kupanga lamulo ndi a aphungu. Ndipo ngakhale onse awiri atagwirizana, munthu amene lamulolo likumuphwanyira ufulu akhoza kupita ku Khoti Lalikulu, lomwe lingathe kulengeza kuti lamulolo lilibe mphamvu.

Lachinayi ndinabweretsa nkhani zenizeni, chifukwa yankho lokhala ndi chitsanzo cholondola limaonetsa kuti mwana wamvetsa. Pa 3 Febuluwale 2020 majaji asanu anathetsa chisankho cha Pulezidenti cha pa 21 Meyi 2019 chifukwa cha zolakwika pa kayendetsedwe kake. Khoti la Suprimu linagwirizana nawo mu Meyi 2020, ndipo anthu anavotanso pa 23 Juni chaka chomwecho. Ndinawafunsa ana kuti bwanji majajiwo sanangotchula wopambana n'kumulumbiritsa. Kunali zii, mpaka mnyamata wina kumbuyo anati, "Chifukwa osankha ndi anthu, osati khoti." Pamenepo ndi pamene ndimafuna. Khoti linanena zimene malamulo akutanthauza, aphungu anakonza malamulo ndi tsiku la chisankho, boma linatulutsa ndalama zoyendetsera chisankhocho. Chitsanzo chachiwiri ndi cha mu Julaye 2002, pamene bilu yochotsa malire a materemu awiri a Pulezidenti inalephera kupeza mavoti a aphungu awiri mwa atatu alionse, ndipo inagwa. Poyerekeza, ndinawakumbutsa kuti mu 1971 Dr. Kamuzu Banda anakhala Pulezidenti wamuyaya, m'dziko la chipani chimodzi, momwe phungu wotsutsa sakanakhalitsa. Nkhani zoterezi ndimazikamba mosamala, kungonena chimene nthambi iliyonse inachita, chifukwa ana amachokera m'makomo a zipani zosiyanasiyana ndipo zokamba m'kalasi zimakafika kwa makolo madzulo omwewo.

Mnzanga wa mbiri yakale atawerenga yankho langa anati, "Achimwene, nanga nduna zimene zilinso aphungu mwazisiya kuti?" Ananena zoona kuti kuno munthu mmodzi akhoza kukhala nduna komanso phungu, kutanthauza kuti m'mawa ali m'nthambi imodzi, masana m'nthambi ina. Kugawanaku sikunadulidwe ndi mpeni, ndipo phungu amene ndi nduna n'kovuta kuti afunse boma lake mafunso olasa. Tinasiyana maganizo pang'ono. Iwo amafuna zilowe m'yankho, ine ndinaona kuti pa Fomu 2 zingasokoneze ana amene akuvutikabe ndi malo a apolisi. Ndinaziika ngati chiganizo chimodzi chowonjezera kwa amene akufuna.

Lachisanu ndinafufuta bolodi n'kuwapatsa nkhani zazifupi kuti anene nthambi imene ikugwira ntchito. Wapolisi wagwira munthu woba mbuzi, majisitireti wamugamula kuti akakhale kundende, aphungu akweza chilango cha mlandu wotere. Za majisitireti ndi aphungu anakhoza pafupifupi onse. Za wapolisi ena anabwerezabe kuti ndi makhoti, ndiye ndinawauza kuti azidzifunsa ngati munthuyo ali ndi mphamvu yonena kuti "wolakwa" kapena "wosalakwa". Wapolisi alibe, ntchito yake ndi kugwira ndi kupititsa woganiziridwayo kukhoti, nthawi zambiri pasanathe maola 48. Sabata yamawa alembanso funso lija popanda kuyang'ana m'makope, ndipo aliyense ayenera kupereka njira zosachepera ziwiri za momwe nthambi ina imaletsera inzake, imodzi ikhale ndi chaka chake.