Mmene Abwana Anandisandutsira Dalaivala

Pa fomu yofunsira ntchito yoyang'anira mosungira katundu panali malo olembapo munthu wondichitira umboni. Ndinalemba abwana anga akale, nambala yawo ndinkaidziwa pamtima. Kuwauza sindinawauze ayi. Ndimati munthu amene ndinamuwerengera katundu zaka zitatu angandiiwale bwanji? Wodziwa kuwerengane ndinaiwala kuwerenga ziwiri: panali patadutsa zaka 4 chichokereni, ndipo pantchitopo tinalipo awiri a dzina limodzi, ine ndi dalaivala.

Pa intavyu, mayi wina anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Tinawaimbira abwana anu. Akuti simunachitepo ngozi, ndipo tayala mumasintha mwachangu. Koma atichenjeza kuti tisamakusiyireni makiyi Loweruka."

Ine laisensi ndilibe. Ngakhale njinga imandigwetsa.

Ntchito imeneyo inapita, ndipo abwana sindikuwada. Munthu ukamudzidzimutsa ndi foni ali pakati pa zina, amatola nkhope imene yabwera koyamba.

Mwayi wina utapezeka, ndinawalembera kutatsala masabata awiri. Ndinasankha kulemba osati kuimba, chifukwa pa foni munthu amavomera mwamanyazi, kenako umboni wake umatuluka wozizira, wa mizere iwiri, ndipo olemba ntchito amamva kuzizirako. Uthenga unali wotere:

"Bwana, ndine uja ndinkasunga mabuku a katundu kuyambira 2017 mpaka 2020, osati dalaivala. Ndikufunsira ntchito yoyang'anira mosungira katundu. Kodi mukuona kuti ntchito yanga mukuikumbukira mokwanira kuti mundichitire umboni wabwino? Akufuna kalata ya tsamba limodzi pa imelo pofika pa 20 mwezi uno. Ngati nthawi yakuchepelani, chonde masukani kundiuza, ndimvetsa ndithu."

Chiganizo chomalizacho ndinachilemba dzanja likunjenjemera, koma n'chofunika. Amene akukayika amatulukira khomo limenelo popanda kukhumudwitsana, ndipo kuli bwino akukane lero kusiyana n'kukakuchitira umboni wolephera kuyimirira. Mawu akuti "wabwino" nawonso sindinawaike mwangozi.

Ndinaphatikizapo sivi yanga, chilengezo cha ntchitoyo, ndi mfundo zitatu zoti ziwakumbutse: kuwerengera kwa kumapeto kwa mwezi kumene ndinkatsogolera, kaundula amene ndinakonza, ndi ogwira ntchito awiri amene ndinaphunzitsa. Zonse zinali zoti iwo anaziona ndi maso awo, chifukwa bwana salumbirira zimene sanaone. Chithunzi changa ndinaikaponso, poti ndinali nditapsa kale.

Anakhala chete masiku asanu. Ndinakumbutsa kamodzi kokha, mzere umodzi wotchula tsiku lomaliza. Madzulo ake yankho linafika: kalata atumiza, ndipo andipatsako kope. Inali yabwino moti ndinaiwerenga katatu kuti nditsimikize kuti akunena ine.

Pansi pa uthengawo anawonjezera kuti: "Pepani za ulendo uja. Koma ndiye mwezi watha ndinalembera dalaivala uja kalata yoti ndi katswiri wa mabuku, ndipo amulemba ntchito."