Sabata la 14 ndi Chihindi: kamawu koti "ne" kandizunguza mutu

Lachinayi ndinalemba ziganizo khumi zofotokoza zomwe ndinachita dzulo lake, ndipo mphunzitsi wanga wa ku Lucknow, mzinda wa ku India, anandibwezera zisanu ndi chimodzi zitachongedwa ndi cholembera chofiira. Zonsezo vuto lake linali limodzi.

Ndinalemba kuti "maine kela khayi", pofuna kunena kuti ndinadya nthochi. Ndinaika "khayi" poti ndine mkazi, ndipo miyezi yonseyi mneni wakhala akutsatira ine: "main khati hun", ndimadya, "main gayi", ndinapita. Koma ayi ndithu. Mneni akakhala woyambukira, ntchitoyo n'kukhala yoti inachitika n'kutha, mwininkhani amatenga "ne" kumapeto kwake, monga "main", ine, kusanduka "maine", ndipo mneni amamuleka n'kuyamba kugwirizana ndi pamtherankhani. M'Chihindi dzina lililonse limakhala lachimuna kapena lachikazi, ndipo "kela", nthochi, ndi dzina lachimuna, choncho zolondola ndi "maine kela khaya". Nthochi zikachuluka, "maine kele khaye". Ndikadya "roti", lomwe ndi dzina lachikazi, "maine roti khayi", ndipo mwamuna wandevu zake anenanso chimodzimodzi.

Poyamba ndinkaganiza kuti Chichewa chindithandiza, poti ifenso timati "ndinalidya", li uja akuloza chodyedwacho. Chinandithandiza pang'ono chabe. Kwathu ndi- wa mwininkhani sachoka pa mneni, pomwe m'Chihindi wodyayo sasiyapo chizindikiro n'chimodzi chomwe. Ndiye ngati sukudziwa kuti dzina ndi lachimuna kapena lachikazi, wagwa nayo. Ine "kitab", buku, ndakhala ndikuliyesa lachimuna; pano ndikudziwa kuti ndi "ladke ne kitab padhi", mnyamata anawerenga buku. Onaninso kuti "ladka" wasanduka "ladke" chifukwa cha "ne" yemweyo.

Nditangoti ndazigwira, panatulukira "ko". Kameneka kamaikidwa pa pamtherankhani wodziwika, makamaka munthu. Ndinalemba "maine ladki ko dekhi", ndinaona mtsikanayo, n'kulakwanso. Mneni sagwirizana ndi dzina lomwe lanyamula kamawu kotere. Ine ndanyamula "ne", mtsikana wanyamula "ko", palibe womutsatira, basi mneni amangokhala m'maonekedwe achimuna a chinthu chimodzi: "maine ladki ko dekha". Ngakhale atsikanawo akhale khumi, "dekha" sasintha.

Tsopano ndisanalembe mneni ndimayang'ana dzina lomwe lili lokha lopanda kanthu kumbuyo, kuyambira pa mwininkhani. Loyamba kupezeka ndilo mneni amatsatira.

Wandikwiyitsa ndi "lana", kubweretsa. Ali ndi pamtherankhani bwinobwino koma "ne" amamukana: "main kitab layi". Mphunzitsi akuti anachokera ku "le" ndi "ana", kutenga n'kubwera, ndipo kubwera sikuyambukira. "Bolna", kulankhula, nayenso kawirikawiri sam'funa. Awiriwa ndawalemba pakapepala n'kumata pachitseko cha kabati ya mbale. Lachinayi likubwerali ndikalemba ziganizo zina khumi, zonse za zakudya.