Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: kalata ya kwa mtolankhani

Zikomo nonse amene munandilembera pambuyo pa gawo lapitalo, makamaka mayi a ku Joni amene munafunsa kuti makala athu a makoko a mtedza anafika bwanji m'nyuzipepala. Ena munanong'ona kuti tinalipira. Lero ndiyankha.

Mukukumbukira kuti titatsekeredwa shopu ija, ine ndi alamu anga tinakhala zaka ziwiri kuseri kwa nyumba ku Mchinji tikuwotcha makoko m'mgolo, kusinja, kusakaniza ndi phala la chinangwa n'kuumba. Makala atayamba kuyaka osaphwanyika, ndinaganiza zodziwitsa atolankhani.

Imelo yoyamba ija mpaka lero imandipweteka. Ndinatola maadiresi 14 m'nyuzipepala, onse n'kuwathira pa To, aliyense akuona anzake. Pa Subject ndinalemba kuti "Katundu watsopano". Mkatimo munalibe mawu, koma PDF ya masamba anayi yofotokoza mbiri yanga kuyambira ku pulayimale. Ndinauza amayi kuti azitchera khutu pa wailesi. Iwo anauza a kumpingo. Kwa milungu itatu ndinkapita pa Boma m'mawa uliwonse, kugula nyuzipepala ndi ndalama ya ndiwo, kuitsegula ndili chiimire, kuyang'ana tsamba ndi tsamba mpaka kufika ku masewero. Madzulo amayi ankandiyang'ana osafunsa, ine n'kumalowa m'nyumba msanga. Yankho linabwera limodzi lokha, lochokera ku ofesi ya zotsatsa malonda, ndi mitengo ya malo m'nyuzipepala. Ndinalira usiku umenewo.

Mnzanga uja amene tinasiyana naye pa gawo 7 anandiseka, nati popanda chimpondamthengo mtolankhani sasuntha. Achimwene, ndikudziwa mumawerenga: sindinapereke ngakhale tambala.

Amene ananditsegula maso ndi aphunzitsi anga akale. Atawerenga PDF ija anandifunsa kuti, "Mwanawe, iwe wayamba kugulitsa makala, nanga wowerenga zikumukhudza pati?" Anandiuza kuti zimene ndinatumizazo ndi malonda, ndipo malonda amalipiridwa. Mtolankhani amafuna nkhani imene angakaiteteze kwa mkonzi wake: ikukhudza ndani, chifukwa chiyani lero, ndipo akabwera aona chiyani.

Ndinadikira mpaka kumayambiriro kwa Disembala, chifukwa nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala, ndipo atolankhani amakhala akusaka nkhani za nkhalango. Ndinasankha munthu mmodzi, mayi amene ndinawerenga nkhani zake zingapo za kutha kwa mitengo ku Dzalanyama. Pa Subject ndinalemba kuti "Mchinji: amayi 6 asiya makala a mitengo, akuphikira makoko a mtedza". Dzina la kampani yathu silinalowemo, ndipo alamu anakhumudwa, koma dzinalo panthawiyo linali lisanadziwike kwa wina aliyense.

Mzere woyamba unatchula nkhani yawo ya Dzalanyama, kuti adziwe kuti kalatayo ndi yawo yokha. Kenako ndinafotokoza kuti malamulo a nkhalango atakhwimitsidwa mu 2020, ambiri amafunsa kuti nanga aziphikira chiyani, ndipo kwathu kuno makoko amene alimi amangowatentha kumunda tikuwasandutsa makala. Ndinalemba zimene tinayesa tokha pa mbaula ziwiri, mphika wa nyemba uku ndi uku, ndi mtengo wa thumba. Sindinabise kuti makala athu amachedwa kugwira moto ndipo amasiya phulusa lambiri. Alamu ankafuna ndilembe kuti ndife oyamba m'Malawi, ine ndinakana, poti opanga makala otere analipo kale, ndipo mtolankhani akagwira bodza limodzi sakhulupiriranso zotsalazo.

Pomaliza ndinati amayi awiri ogulitsa mandasi avomera kuyankhula ndi kujambulidwa, ndipo ife timaumba Lachiwiri ndi Lachisanu. Amayiwo ndinayamba ndawapempha ndisanawalonjeze kwa munthu. Ndinaika nambala yanga ya foni ndi chithunzi chimodzi chaching'ono, chosadya bandulo. Kalata yonse inkakwana pa foni osatsitsa kawiri.

Ndinatumiza Lolemba m'mawa. Panadutsa masiku anayi kuli zii, ndipo mtima unabwerera ku milungu itatu ija. Lachisanu ndinalemba mizere iwiri yokumbutsa, kamodzi kokha. Madzulo foni inalira. Funso lawo loyamba silinali la ine kapena kampani: "Amayi a mandasi aja, ndingawapeze Lachiwiri?"

Nkhani inatuluka ndi chithunzi cha mmodzi wa amayiwo ali pa mbaula, dzina la kampani lili m'ndime yachinayi. Amayi anga anaitenga kupita nayo ku Mvano. Za maoda amene anatipeza tilibe malo oyanikira pakati pa dzinja, ndi mmene tinatsala pang'ono kudana ndi alamu, ndi za gawo 10.