Chiganizo cha Mangochi chinandidyera sabata

Ndimagwira ntchito ya ziwerengero pa bungwe lina loona za umoyo wa ana ku Lilongwe. Sabata yathayi abwana anandiuza kuti ndilembe tsamba limodzi lofotokoza zimene kafukufuku wa MORDOR anapeza, loti akuluakulu a bungwe akaliwerenge pa msonkhano wa Lachisanu. Ambiri a iwo ndi anamwino, madokotala ndi oyang'anira ndalama, anthu amene alibe nthawi yomasulira zizindikiro za masamu.

Kafukufukuyu anachitika ku Niger, ku Tanzania ndi kuno kwathu m'boma la Mangochi, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2018 m'magazini ya New England Journal of Medicine. Madera 1,533 anagawidwa pawiri mwa maere. M'madera ena ana a mwezi umodzi mpaka miyezi 59 ankalandira mankhwala opha tizilombo otchedwa azithiromaisini kawiri pachaka kwa zaka ziwiri, pomwe m'madera enawo ankalandira mankhwala ofanana maonekedwe koma opanda mphamvu. Funso linali loti kodi imfa za ana zichepa.

Lolemba mnyamata amene tikumuphunzitsa ntchito anandibweretsera mzere umene anakonza kuti ukhale pamwamba pa tsambalo:

```
13.5% (95% CI 6.7–19.8; P<0.001); 14.6 vs 16.5/1000 PY
```

Manambala onse anali olondola, koma mzerewo sunanene chimene chinachepa, mwa ndani, poyerekeza ndi chiyani. Ndinamupempha kuti aunene pakamwa ngati akuuza azakhali ake, ndipo zimene ananena zinali pafupi kwambiri ndi zimene tinalemba pomaliza: "M'mayiko atatuwa pamodzi, imfa za ana zinachepa ndi 13.5 peresenti m'madera amene analandira azithiromaisini poyerekeza ndi madera amene sanalandire. Kuchepa kwenikweni kungakhale pakati pa 7 ndi 20 peresenti."

Tinadula timanambala ta pambuyo pa kadontho pa malire awiriwo. Munthu akalemba 6.7 ndi 19.8 amaoneka ngati akudziwa zinthu mpaka pa kadontho, chonsecho malirewo ndiwo akutiuza kuti sitikudziwa ndendende. Nambala ya P, imene imathandiza kuona ngati zotsatira zingangochitika mwamwayi, tinaichotsa ndithu. Malire onse awiri ali mbali imodzi ya ziro, choncho wowerenga waona kale kuti n'kovuta kunena kuti kuchepako kunangochitika mwamwayi, ndipo waonanso kukula kwake, chinthu chimene P sanena. Zoti malirewo ndi a 95 peresenti tinazinena kamodzi kokha m'munsi mwa tsamba.

Lachiwiri tinawonjezera chiganizo chachiwiri, chifukwa peresenti payokha imanyenga. Kuchepa kwa 13.5 peresenti kungakhale kwakukulu kapena kochepa malinga ndi kuchuluka kwa ana amene amamwalira poyamba. Tinalemba kuti: "Pa ana 1,000 alionse pachaka, anamwalira 14.6 m'madera a azithiromaisini ndi 16.5 m'madera enawo, kusiyana kwa ana pafupifupi awiri." Apa timanambala ta pambuyo pa kadontho tinatisiya, poti tikanatidula kusiyanako kukanasokonekera.

Masana ake mayi amene amayang'anira ndalama anandipeza ndi foni m'manja. "Achimwene, ndawerengetsa ndekha. Kuchoka pa 16.5 kufika pa 14.6 ndi 11.5 peresenti, si 13.5 ayi. Kapena mwalakwitsa polemba?" Samalakwa mayiwo, ndipo ndinakondwa kuti funsoli labwera msonkhano usanafike. Maere anagwera madera, osati mwana aliyense payekha, ndiye ofufuza anawerengera imfa dera ndi dera kudzera m'njira ya masamu yoganizira zimenezi, osati kungogawa manambala awiri a pamodziwo. Ndiye mayankho awiriwo safanana ndendende. Tinaika mawu amenewa m'munsi mwa tsamba, mzere umodzi.

Ntchito yeniyeni inali ya Lachitatu ndi Lachinayi, pa zotsatira za Malawi. Ku Niger imfa zinachepa ndi 18.1 peresenti, malire ake 10.0 mpaka 25.5, ndipo chiganizo chake chinalembeka chokha. Ku Mangochi zinachepa ndi 5.7 peresenti, koma malire ake amayambira pa −9.7 mpaka 18.9. Ku Tanzania ndi 3.4 peresenti, kuyambira −21.2 mpaka 23.0.

Abwana anafuna chinthu chachidule. "Bwanji osangolemba kuti ku Malawi mankhwalawa sanathandize?" Ndinawayankha kuti, bwana, tikatero tinena zimene kafukufuku sananene. Malire a Mangochi akulola kuti imfa zinachepa ndi 19 peresenti, zomwe zikuposa ngakhale 18 wa ku Niger. Akulolanso kuti sipanasinthe kanthu, kapena kuti imfa zinachulukako. Chimene malire otakata chotere akusonyeza ndi chakuti imfa zimene zinawerengedwa m'dziko limodzi sizinali zokwanira kuti zigamule nkhaniyo. Mnyamata uja anafuna mbali inayo, kulemba kuti imfa zinachepa ndi 6 peresenti basi, malire n'kuwasiya. Kumenekonso n'kunamiza wowerenga, mwina kuposa koyamba kuja, chifukwa kumamveka kokoma kwa amene akufuna ndalama za pulogalamu.

Vuto lina linali kachizindikiro kochotsera kaja. Kunena kuti chinthu chinachepa ndi −9.7 peresenti kumafuna kuti munthu atembenuze kawiri m'mutu mwake, ndipo pa pepala losindikizidwa ndi makina a mu ofesi mwathu kamzereko kamaoneka ngati kadothi. Ndinaona kuti ndi bwino malire alionse anene okha kumene akulowera, m'mawu. Chiganizo chinatuluka chotere: "Ku Mangochi imfa zinachepa ndi pafupifupi 6 peresenti, koma chiwerengerochi sichotsimikizika: zotsatirazo zikugwirizana ndi chilichonse kuyambira kuchuluka kwa imfa ndi 10 peresenti mpaka kuchepa kwake ndi 19 peresenti."

Ndinakananso kulemba kuti mankhwalawa amagwira ntchito ku Niger kokha. Malire a Niger ndi a Malawi akulowana pakati pa 10 ndi 19, choncho kuona kuti ena adutsa ziro pomwe ena sanadutse si umboni woti mayiko awiriwa ndi osiyana. Kusiyanako kungakhalepo ndithu, pakuti ku Niger ana ankamwalira ochuluka kuposa m'malo awiri enawo, koma kuti munthu anene zimenezo ayenera kuyerekeza mayikowo mwachindunji.

Manambala onse okhala ndi kadontho tinawaika m'tebulo laling'ono la mizere inayi, mayiko atatu ndi onse pamodzi. M'chiganizo cha dziko lililonse tinasiyamo chiwerengero chimodzi ndi malire ake basi.

Lachisanu dokotala wina wachikulire anafunsa ngati "pakati pa 7 ndi 20" akutanthauza kuti mwana wina amatetezeka pang'ono, wina kwambiri. Ndinafotokoza kuti malirewo sakunena za ana paokhapaokha, akunena za kusatsimikizika kwa chiwerengero cha gulu lonse. Anagwedeza mutu n'kupempha kuti tsambalo litchulenso zimene bungwe la WHO linalangiza mu 2020, zoti kugawa kotereku kuganiziridwe kwa ana a mwezi umodzi mpaka miyezi 11 okha, m'madera a kum'mwera kwa Sahara amene ana amamwalira kwambiri, komanso moyang'anira ngati tizilombo tayamba kusamva mankhwala. Ndinawonjezera ndimeyo masana omwewo, ndipo kuti zonse zikwane pa tsamba limodzi ndinachotsa chiganizo cha Tanzania, manambala ake n'kutsala m'tebulo.