Mapiritsi atatu odumphidwa pa mzere wachitatu

Sabata ino anandiika m'chipinda cha zakulera, ndipo Lachinayi ndinalakwitsa zinthu zomwe ndinkaona ngati ndikuzidziwa. Kunabwera mayi wina yemwe amamwa mapiritsi a mphamvu ziwiri, aja amakhala 28 pa paketi: 21 oyera okhala ndi mahomoni, ndi 7 abulauni omwe alibe mphamvu yolera. Anathamangira ku maliro kumudzi Lolemba m'mawa, paketi n'kutsala pansi pa matiresi. Lolemba, Lachiwiri ndi Lachitatu sanamwe.

Ine ndinangomva zoti atatu, basi ndinayamba kulakatula za m'kalasi: "Mayi, imwani limodzi pompano, mupitirize monga mwa masiku onse, ndipo kwa masiku 7 muzigwiritsa ntchito kondomu." Anamwino amene amandiyang'anira sanandidzudzule pamaso pa mayiyo. Anangoti, "Mayi, paketiyo mwabwera nayo? Tiione."

Anaimasula pa mfundo ya chitenje. Mizere iwiri yoyamba inali yoboolaboola yonse, mzere wachitatu anangotulutsapo limodzi. Ndiye kuti odumphidwa anali a nambala 16, 17 ndi 18, pafupi penipeni ndi abulauni. Apa m'pamene panali nkhani, ine osafunsa n'komwe.

Nditabwerera ku hositelo ndinakhala pansi kuti ndimvetse chifukwa chake, chifukwa malamulo ongoloweza ndaona kuti amathawa munthu akakhala pamaso pako. Mapiritsiwa amaletsa dzira kukhwima ndi kutuluka. Munthu akamwa oyera masiku 7 motsatizana, thupi limakhala lagonja. M'sabata ya abulauni mahomoni aja amakhala palibe, mazira amayamba kudzuka, koma paketi yatsopano imawapeza asanafike patali. Choncho choopsa n'kutalikitsa nthawi yopanda mahomoni. Mayi uja akanatsatira zanga, akanamwa oyera masiku ochepa chabe n'kulowanso sabata yathunthu ya abulauni, thupi lisanagonjenso bwinobwino.

Anamwino anamuuza chonchi, chala chili pa paketi. Amwe loyera limodzi pomwepo, ndipo la tsikulo amwe pa nthawi yake ya madzulo, ngakhale akhale awiri tsiku limodzi. Asameze atatu onse nthawi imodzi pofuna kubweza ngongole. Apitirize limodzi patsiku mpaka oyera atha. Abulauni onse 7 ataye, ndipo m'mawa mwake ayambe paketi yatsopano, yomwe tinamupatsiratu. Kondomu kapena kudziletsa kwa masiku 7 kunali pomwepo ndithu.

Kenako anatsitsa mawu n'kufunsa kuti, "Nanga ndi abambo kunyumba munakhalira limodzi liti komaliza?" Mayiyo anati Lachisanu la sabata yatha. Panali patadutsa masiku 6, motero za mapiritsi apangozi sizinafunike. Zikanakhala mkati mwa masiku 5, tikanakambirana naye zoti amwe. Funso limeneli ine limandichititsabe manyazi kufunsa munthu wamkulu ngati mayi anga, koma palibe kuchitira mwina.

Chomwe chinandigwira mtima n'choti anamuchenjezeratu za msambo. Podumpha abulauni, mwezi uno akhoza osasamba, kapena kungoona timadontho. Munthu wosauzidwa amaganiza kuti waima, n'kusiya mapiritsi, ndiye mimba yomwe amaiopayo imabweradi. Anamuuza kuti akadzamaliza abulauni a paketi yachiwiriyo osasambabe, kapena akamva zizindikiro za mimba, abwere tidzamuyeze.

Zina zonse n'zosavuta mukamvetsa mfundo ija. Woiwala limodzi kapena awiri amwe akangokumbukira n'kupitiriza, safunika kondomu. Atatu kapena kuposa m'sabata yoyamba kapena yachiwiri, amwe, apitirize, kondomu masiku 7, koma abulauni sawadumpha. Wochedwa kuyamba paketi yatsopano ndi masiku atatu timamuwerengera chimodzimodzi, ngakhale iye amati sanaiwale kanthu. Abulauni akaiwalika amangotayidwa. Wosanza pasanathe maola awiri chimwereni piritsi amwe lina. Manambalawa ndi a mapiritsi okhala ndi mayikulogalamu 30 mpaka 35 a esitirojeni. Kwa a 20, malire amatsika, awiri okha akwana kuti tichite za atatu zija.

Pomaliza anamwino anamupempha mayiyo kuti abwereze yekha zomwe akachite. Analakwitsa pamodzi: anati akatha oyera adikira msambo kaye. Anakonzerana, kenako anamwino anatenga cholembera n'kukhwatcha mzere wa abulauni pa paketipo. Anamufunsanso ngati kuiwala kumachitika kawirikawiri, poti pali jakisoni ndi njira ya pamkono. Mayiyo anati ayi, ndi maliro okhawa, ndipo anamanganso mapaketi onse awiri pa chitenje.