Kani kompyuta ukaizimitsa siizima

Miyezi 4 ndili pa kurusu yokonza makompyuta kuno ku Tete, ndipo nkhani ya Fast startup ndinkangoimva ngati mphepo. Mu kope langa muli mzere umodzi wokha womwe ndinakopera pa bolodi, wakuti imathandiza kuti kompyuta iyake msanga. Basi. Sabata yatha m'pamene chinthuchi chandilowa m'mutu, ndipo si m'kalasi ayi, ndi pakhonde pa amalume ku Ulongwe.

Amalume ndi aphunzitsi. Laputopu yawo ndi yakale, ya Windows 10, memori ya magigabaiti 4, disiki yake ija yozungulira. Dandaulo lawo linali lakuti masiku ena akadina Encerrar, yomwe ndi Shut down pa Windows yachipwitikizi, sikirini imada bwinobwino, koma kanyale sikazima ndipo fani imangolirabe. Tsiku lina anaiika m'chikwama ili choncho osadziwa, n'kukwera shapa yobwera kuno kumzinda. Ndi kutentha kwa Tete mukukudziwa kuja, pomwe ankafika inali ngati chitsulo chositira, batire itatheratu. Masiku ena akangoona kuti yakakamira amapanikiza batani mpaka izime. Iwo anali atagamula kale mlandu. "Mphwanga, ndi mavairasi a pa intaneti amenewa. Ndikangogula mamega imayamba misala."

Ndinaseka chamumtima, koma pambuyo pake zinaoneka kuti theka la mawu awo linali loona.

Choyamba chomwe chinandidzidzimutsa chinali mu Task Manager, pa tsamba la CPU, pansi pomwe pamalembedwa nthawi yomwe makina akhala ali moyo. Panali masiku 11. Ndinawafunsa ngati amangotseka chivundikiro osazimitsa. Anakwiya pang'ono, amvekere usiku uliwonse amadina Encerrar n'kudikira kanyale kazime, chifukwa ndi zomwe anaphunzitsidwa. Nanga masiku 11 achokera kuti?

Apa ndi pomwe panagona nkhani yonse. Kuyambira pa Windows 8, ya mu 2012, ukadina Shut down kompyuta imatseka mapulogalamu ako ndi kukutulutsa mu akaunti, koma mtima wa Windows ndi madalaivala onse, timapulogalamu toyendetsa zipangizo monga sikirini ndi netiweki, siimawatseka. Imatenga zonsezo mmene zilili mu memori n'kuzilemba pa disiki, mu failo yobisika yotchedwa hiberfil.sys, kenako n'kudula magetsi. M'mawa ukayatsa siiyamba zatsopano, imangowerenga failoyo n'kubwezera mu memori. Fast startup ndi imeneyi. Ndi Hibernate yomwe ija, kungoti ya theka: Hibernate yeniyeni imasunga ndi makalata ako omwe ali otsegula, pomwe iyi imasunga za pansi zokha.

Ine ndinazimva bwino nditaganiza za mkute. Kutenthetsa mkute n'kofulumira kuposa kutereka madzi, kuthira ufa ndi kuvundula. Koma ngati dzulo munagwera mchenga, lero mchengawo ulimobe, ndipo ukamangotenthetsa womwewo masiku 11 usadabwe. Dalaivala ikasokonekera Lolemba, Encerrar amaisunga ndi kusokonekera kwake komwe, Lachiwiri n'kuidzutsa ili chomwecho. Yemwe amataya mkute n'kuphika yatsopano ndi Reiniciar, ndiye kuti Restart. Ine moyo wanga wonse ndinkayesa kuti kuzimitsa ndiye kwamphamvu, ndipo Restart ndi kachidule ka aulesi. Kani n'zotembenuza.

Chachiwiri, chomwe sindinkachiganiza n'komwe, ndi chakuti kusunga mkutewo ndi ntchito yovuta kuposa kungozimitsa. Asanalembe failo ija, Windows amauza dalaivala iliyonse kuti igoneke chipangizo chake ndi kuvomera kuti yamaliza. Imodzi yokha ikapanda kuyankha, onse amaidikira. Sikirini imakhala itada kale, ndiye iwe umaona ngati zatha, pomwe mkatimo mudakali pamzere. Nthawi zina kudikirako kumathera pa sikirini yabuluu yolembedwa DRIVER_POWER_STATE_FAILURE, nthawi zina fani imangolira mpaka batire kutha. Poyatsa n'chimodzimodzi: failo yawerengedwa, koma dalaivala ya sikirini kapena ya netiweki yalephera kudzutsa chipangizo chake, iwe n'kumangoyang'ana mdima.

Pofuna kutsimikiza ndinatsegula Event Viewer, pa System, n'kusefa kuti pangotsala za Kernel-Boot za nambala 27. Mzere uliwonse umanena mtundu wa kuyaka komwe kunachitika. 0x0 ndi kuyaka kwatsopano, 0x1 ndi Fast startup, 0x2 ndi kudzuka ku Hibernate. Pa laputopu ya amalume panali 0x1 wokhawokha kwa masiku angapo, kenako 0x0 mmodzi, pafupi naye pali Kernel-Power 41 yosonyeza kuti makina anazima mosayenera, kenako 0x1 n'kuyambiranso. Ndiye kuti nthawi yokhayo yomwe laputopuyi inkadya nsima yatsopano inali pamene amalume aipanikiza batani mwaukali. Ndinawawerengera madeti a ma 41 aja, iwo n'kumakumbuka: ili ndi tsiku lomwe ankatumiza mapauta a mamakisi, ili ankatsitsa mayeso. Masiku onsewo kamodemu kawo ka USB kanali kolumikiza. Masiku 11 abata aja anali masiku omwe analibe mamega, kamodemu kali m'dirowa.

Tsono njira yomwe ndaikonda, mwina mopitirira, ndi ya Shift. Ukagwira Shift n'kudina Shut down osaitaya, kompyuta imazima kwathunthu ulendo umenewo wokha, osasintha chilichonse m'makina. Yemwe amakonda kulemba atha kugwiritsa ntchito lamulo ili, limachita zomwezo:

```
shutdown /s /t 0
```

Ndinalumikiza kamodemu, n'kulowa pa intaneti pang'ono, n'kuzimitsa mwachizolowezi maulendo 5. Inakakamira katatu. Ndinabwereza maulendo 5 nditagwira Shift, inazima bwino ulendo uliwonse. Nditazula kamodemu, njira zonse ziwiri zinayenda. Mphindi 40 zokha, wopanda sikuludalaiva, wopanda fulashi, ndinadziwa kuti vuto si disiki, si vairasi, si kutentha, koma dalaivala ya kamodemu yomwe imakana kugona. Anzanga a m'kalasi atopa nane, chifukwa pano aliyense akatchula kompyuta yokakamira ndimangoti wayesa Shift? Mmodzi anandiyankha kuti yake imakakamira ali mkati molemba, Shift alowapo bwanji. Ananena zoona, koma sindinasiye.

Chimene chimandiwawa n'chakuti kusukulu yankho la zonse ndi kufomata. Kompyuta ikuchedwa, fomata. Siikuzima, fomata. Tinatha masabata atatu tikuloweza mayina a masoketi a mapurosesa omwe sitidzawagwira n'komwe, pomwe nkhani iyi inapatsidwa mzere umodzi. Nditafunsa m'kalasi kusiyana kwa Shut down ndi Restart ndinauzidwa kuti zimenezo sizibwera pa mayeso. Laputopu ya amalume ikanafomatidwa, Fast startup ikanabwerera yoyatsa monga imabwerera nthawi zonse, kamodemu kakanaikanso dalaivala yake yomweyo, ndipo pakutha kwa sabata tikanabwerera pomwe tinayambira, ndalama zitapita. Sindikunena kuti aphunzitsi athu sadziwa. Nthawi ndi yochepa, makompyuta a mu labu ndi ochepa, tilipo ambiri. Komabe.

Pothetsa vutolo ndinalakwitsa, ndipo apa ndi pomwe ndikufuna anzanga amve. Ndi changu changa ndinatsegula Command Prompt ngati administireta n'kulemba:

```
powercfg /h off
```

Lamuloli limazimitsa Hibernate yonse, Fast startup n'kupita nayo limodzi, ndipo hiberfil.sys imafufutika. Failoyo nthawi zambiri imakhala pafupifupi 40 peresenti ya memori, ndiye pa magigabaiti 4 ndinapulumutsa malo okwana 1.6. Ndinadziona katswiri. Patapita masiku awiri amalume anaimba. Magetsi anathima akulowetsa mamakisi a ana, iwo n'kutuluka kukaona ngati ndi kwawo kokha, n'kuchedwa pocheza ndi aneba. Batire yawo siikhalitsa. Kale ikafika kumapeto laputopu inkalowa yokha mu Hibernate, magetsi akabwera pauta n'kuipeza pomwe anaisiya. Ulendo uno inalibe kothawira, inangozima, ndipo mamakisi a kalasi imodzi omwe anali asanasunge anapita. "Mphwanga, wakonza kapena waononga?" Ndinalibe poyankha.

Loweruka ndinakweranso shapa. Ndinabwezera Hibernate ndi `powercfg /h on`, kenako ndinatsegula `powercfg.cpl`, n'kupita pomwe amasankhira ntchito ya batani loyatsira, n'kudina kamzere ka pamwamba kotsegula zosankha zokhomedwa, n'kuchotsa kachizindikiro pa Ativar arranque rápido. Pa Windows yachingerezi pamalembedwa Turn on fast startup. Kabokosi kameneka sikaoneka konse Hibernate ikakhala yozimitsa, ndiye ukakasowa usazunguzike, lemba `powercfg /a` uone zomwe makina akulola.

Mtengo wake ulipo. Ndinayeza ndi foni: kale inkafika polemba pasiwedi m'masekondi 25, pano imatenga kupitirira mphindi imodzi, chifukwa cha disiki yozungulira ija. Amalume akuti bola kudikira kusiyana ndi kupanikiza batani. Pa kompyuta ya SSD kusiyanako ndi kwa masekondi ochepa, ndiye kumeneko ine ndimachotsa osaganiza kawiri. Ndimachotsanso pa kompyuta yomwe ili ndi Linux pambali, chifukwa disiki ya Windows yosiyidwa ili m'tulo Linux amaitsegula yongowerenga basi. Ndipo ife okonza, tisanazule disiki ya kasitomala kukaiika pa makina ena, tizimitse ndi Shift kaye, popeza ukalembamo zinthu kwinako kenako n'kuibwezera, Windows amadzuka akukumbukira disiki ya dzulo ndipo mafailo atha kuonongeka. Koma laputopu yakale yomwe ikuzima ndi kuyaka bwinobwino, ndingoisiya. Ya pa tebulo yopanda batire ndi yomwe ndingailembe `powercfg /h off` mtima uli m'malo.

Chomwe chikundisowetsabe tulo ndi ichi. Dalaivala ya kamodemu sindinaikonze, ndangoilambalala. Hibernate yomwe ndabwezera imadutsa njira yomwe ija youza madalaivala kuti agone. Ndiye tsiku lomwe magetsi adzathime, batire n'kutsika, kamodemu kali kolumikiza, kodi idzagona kapena idzakakamira mpaka kuzima? Ndinayesa Hibernate kawiri kamodemu kali pomwepo, inagona kawiri konse, koma kawiri n'kochepa kwa chinthu chomwe chinkalephera katatu pa maulendo 5. Ndawauza amalume kuti magetsi akangothima azisunga ntchito ndi kuzula kamodemu. Anangoti "chabwino mphwanga" ndi mawu aja osonyeza kuti sadzakumbuka. Dalaivala yatsopano ndaisaka sindinaipeze, kamodemuko n'kakale kwambiri. Mwina ndiwanyengerere azingolumikiza intaneti ya pa foni, kaya. Ndidzaonanso ma 27 ndi ma 41 aja ndikapita kumapeto kwa mwezi.